Dzino Lilibe Bowo Koma Limalasa Ukamwa Zozizira: Chimachitika N'chiyani M'kati Mwake?

Pali dandaulo limene madokotala a mano amalimva kawirikawiri. Munthu wadziyang'ana pagalasi, dzino ndi loyera, palibe bowo, palibe chotupa, koma akangomwa madzi ozizira ululu umalasa mwadzidzidzi, n'kuzimiririka asanatule n'komwe kapu. Ena amaganiza kuti dzinolo likuwola m'kati mobisika. Ena amati thupi likusowa kashiamu, ndipo pali ena amene amafika popempha kuti dzinolo lizulidwe. Nthawi zambiri chifukwa chake si chimenecho. Dzino ndi lamoyo, minyewa yake ili bwino, kungoti gawo lina limene limayenera kukhala lobisika lakhala pamtunda. Gawo limeneli dzina lake ndi dentini.

Chodabwitsa n'chakuti kuzizirako sikufunika kufika pamnyewa kuti mumve ululu. Chimene chimadzutsa mnyewa ndi timadzi timene timayenda m'kati mwa dentini. Mukamvetsa mfundo imeneyi, zina zonse zimamveka zokha: chifukwa chake ululuwu ndi wakuthwa, chifukwa chake sukhalitsa, komanso nthawi imene uyenera kukudetsani nkhawa.

Mmene dzino linapangidwira

Mbali ya dzino imene timaiona yakutidwa ndi enamelo, chikutiro choyera chimene ndi cholimba kuposa china chilichonse m'thupi la munthu, kuposa ngakhale fupa. Pafupifupi magawo 96 pa 100 a enamelo ndi mchere wa kashiamu ndi fosifeti. Mulibe minyewa, mulibe maselo amoyo, choncho samva kanthu, ndiponso akatha sameranso. Pamwamba pa dzino, potafunira, amakhuthala mpaka mamilimita awiri ndi theka, koma amanka napyapyala mpaka kutheratu pakhosi pa dzino, pamene dzino limakumana ndi nkhama.

Muzu wa dzino ulibe enamelo. Umakutidwa ndi kachikutiro kena kotchedwa sementamu, kofewa ndiponso kopyapyala kwambiri pakhosi paja. Malinga ngati nkhama zauphimba muzuwo, palibe vuto.

Pakati penipeni pa dzino pali kachipinda kokhala ndi mnofu wofewa, mitsempha ya magazi ndi minyewa. Tikutchule kuti mtima wa dzino. Pakati pa mtimawu ndi zokutira zakunja zija ndi pamene pali dentini, amene ndiye gawo lalikulu la dzino lonse. Ndi wachikasu pang'ono, wofewa kuposa enamelo: pafupifupi magawo 70 pa 100 ndi mchere uja, magawo 20 ndi ulusi wa mapuloteni, ndipo magawo 10 ndi madzi.

Timachubu todzaza madzi

Ndi maso, dentini amaoneka wogwirana bwino. Pa makina okulitsa zinthu amaoneka kuti ndi wobookabooka ndi timachubu tosawerengeka, tochokera ku mtima wa dzino kulowera kunja. Chakunja, kachubu kamodzi kamakhala kotambalala pafupifupi maikiromita imodzi, kutanthauza kuti timachubu 1,000 titandandalikidwa pamodzi tingakwane milimita imodzi yokha. Chakumtima timakula kufika maikiromita awiri ndi theka. Pamalo a milimita imodzi m'litali ndi imodzi m'lifupi pamapezeka timachubu pafupifupi 20,000 chakunja, ndi 45,000 pafupi ndi mtima.

Kachubu kalikonse n'kodzaza timadzi. Kumapeto kwake, chakumtima, kuli selo limene linapanga dentiniyo, lotchedwa odontobulasiti, ndipo limalowetsa kamchira kake m'kachubumo. Nsonga za minyewa zili pomwepo, zozungulira maselowa, ndipo zina zimalowa m'timachubu kamtunda kochepa kwambiri, kosafika ngakhale theka la milimita. Mbali yakunja ya dentini ilibe mnyewa n'komwe.

Apa ndi pamene akatswiri anazunguzika kwa nthawi yaitali. Ngati kunja kwa dentini kulibe minyewa, bwanji kukhudzako pang'ono kumapweteka chonchi? Anaonanso kuti kupaka mankhwala ochititsa dzanzi pamwamba pa dentini sikuletsa ululuwo, pomwe pamnyewa weniweni mankhwalawo amagwira ntchito. Poyeza kutentha m'kati mwa dzino, anapezanso kuti munthu amamva ululu kuzizira kusanafike n'komwe pamene pali minyewa.

Yankho limene ambiri amaligwiritsa ntchito lero linalongosoledwa bwino ndi Martin Brännström, dokotala wa mano wa ku Sweden, m'zaka za m'ma 1960. Iye anaonetsa kuti chilichonse chimene chimasuntha timadzi ta m'timachubu mofulumira chimabweretsa ululu. Kupopera mpweya pa dentini wapamtunda kunkapweteka. Ngakhale kuikapo kapepala kouma, koyamwa madzi, kunkapweteka, chikhalirecho pepala silozizira, silotentha ndipo silibaya. Chimene linkachita ndi kukoka timadzi tija kupita kunja.

Chifukwa chake kuzizira ndiko kumaposa

Mukamwa chozizira n'kukhudza dentini wapamtunda, timadzi ta kunsonga kwa timachubu timazizira n'kufinyika. Madzi amafinyika kwambiri kuposa khoma lolimba la kachubu, choncho pamatsala mpata, ndipo timadzi ta m'kati timathamangira kunja kukaudzaza. Kayendedwe kameneka kamakoka ndi kupinda nsonga za minyewa zili kutsinde kwa kachubu. Mnyewa wa dzino sudziwa kunena zambiri. Kaya wadzutsidwa ndi kuzizira, kukhudza kapena kukokedwa, uthenga umene ubongo umalandira ndi ululu basi.

Chotentha chimachita zosiyana: timadzi timafufuma n'kukankhikira m'kati, ndipo timayenda pang'onopang'ono. Minyewayi imadzidzimuka kwambiri ndi kuyenda kolowera kunja kuposa kolowera m'kati. N'chifukwa chake anthu ambiri a vutoli amamwa zotentha bwinobwino koma amaopa zozizira. Mpweya wozizira wokokera pakamwa umachita ziwiri nthawi imodzi, kuziziritsa ndi kuumitsa. Shuga wambiri naye amakoka madzi kuchokera m'timachubu, ndiye zotsekemera zimatha kulasa chimodzimodzi.

Kuthwa kwa ululuwu kulinso ndi chifukwa chake. M'dzino muli mitundu iwiri ikuluikulu ya minyewa ya ululu. Ina ili m'mphepete mwa mtima, pafupi ndi timachubu, ndipo imatumiza uthenga mofulumira. Imeneyi ndi imene imabweretsa ululu wolasa, wakanthawi, umene munthu amatha kuloza pamene uli. Ina ili m'katikati, imatumiza uthenga pang'onopang'ono, ndipo imadzuka makamaka mtima wa dzino ukatupa. Imeneyo ndiyo ya ululu wophwanya, wogunda, wosagonetsa tulo. Madzi ozizira pa dentini amadzutsa yoyamba ija. Kuzizira kukachoka timadzi timakhazikika, mnyewa umakhala chete, ndipo ululu umatha m'masekondi ochepa.

Nkhaniyi sinathere pamenepo. Mu 2021 ofufuza anafalitsa zimene anapeza pa mano a mbewa, zoti maselo a odontobulasiti aja ali ndi puloteni yotchedwa TRPC5 imene imamva kuzizira mwachindunji n'kuthandiza kupereka uthenga ku minyewa. Zikuoneka kuti maselowa si omanga dentini chabe, amamvanso. Izi sizikufafaniza mfundo ya timadzi, zikungoonjezera, ndipo chithandizo cha tsiku ndi tsiku chidakali chozikidwa pa timachubu tija.

Kukhala pamtunda kokha sikukwanira

Mfundo iyi ndi imene anthu ambiri saidziwa, ndipo kwa ine ndiyo yofunika kwambiri pankhani yonseyi. Pali anthu ambiri amene mizu ya mano awo ikuoneka koma samva kanthu akamwa zozizira. Kuti dzino lizilasa pamafunika zinthu ziwiri: dentini akhale pamtunda, komanso kukamwa kwa timachubu kukhale kotsegula.

Ganizirani kapaipi komwera chakumwa. Mukakamiza m'kapu n'kutseka kumwamba ndi chala, mutha kukanyamula madzi ali m'kati osayenda. Mukangochotsa chala, madzi amatsika nthawi yomweyo. Kachubu ka dentini kotsekeka kunsonga timadzi take sitiyenda kwenikweni, ngakhale kunja kuzizire. Pachilengedwe timachubu tapamtunda timatsekeka ndi tizinyenyeswa ta dzino lomwelo pamodzi ndi mchere wa kashiamu wochokera m'malovu. Chimene chimasungunula chitsekero chimenechi ndi asidi.

Kafukufuku wa mu 1987 amene anayerekeza mano olasa ndi osalasa anapeza kuti olasawo anali ndi timachubu totsegula tochuluka kuwirikiza ka 8, ndipo tinali totambalala kuwirikiza kawiri. Kuwirikiza kawiriko kumaoneka kochepa, koma madzi oyenda m'chubu amatsata lamulo lakuti chubu chikatambalala kawiri, madzi odutsamo amachuluka ka 2 × 2 × 2 × 2, kutanthauza ka 16. Tikachulukitsa 16 ndi 8 tipeza 128. Choncho dzino lolasa limatha kusuntha timadzi kuposa linzake kopitirira ka 100, mano onsewo akuoneka ofanana pagalasi.

Nanga dentini amakhala bwanji pamtunda poyamba? Njira yofala kwambiri ndi kutsika kwa nkhama, kumene kumasiya khosi ndi muzu wa dzino poyera. Zimatsika chifukwa cha matenda a nkhama, kutsuka mwamphamvu, kapena kungoti munthu anabadwa ndi nkhama zopyapyala. Muzu ukaoneka, sementamu uja samachedwa kuperepeseka. Njira ina ndi kutha kwa enamelo chifukwa cha asidi ndi kukhuzika, kuphatikizapo kukukuta mano kutulo.

Kuwawasa kwa chinthu kumayezedwa ndi nambala yotchedwa pH: 7 ndi pakatikati, ndipo nambala ikamatsika asidi amakhala akuchuluka. Enamelo amayamba kusungunuka pH ikatsika kupitirira 5.5. Dentini salimba choncho, amayamba kusungunuka pH ikadali pamwamba pa 6. Zakumwa zambiri zotsekemera za gasi zili pakati pa 2.5 ndi 3.5, madzi a mandimu ali pafupi ndi 2, ndipo asidi wa m'mimba amene amakwera ndi chilungulira kapena kusanza ndi woopsa kuposa pamenepa. Zakumwa za gasi zopanda shuga nazo zili ndi asidi, ndiye pankhani iyi sizipulumutsa.

Chitsanzo chimodzi, kuyambira pachiyambi

Tiyerekeze mayi wa zaka 35 amene akudandaula kuti mano a kumanzere, a m'mwamba, amalasa akamwa madzi ozizira. M'mawa uliwonse amamwa madzi a mandimu, kenako nthawi yomweyo amatsuka mano ndi mswachi wolimba, akukhula cham'mbali mwamphamvu. Masana amakhala ndi botolo la chakumwa cha gasi, n'kumapsontha pang'onopang'ono kwa maola awiri.

Dokotala asanayang'ane n'komwe m'kamwa amafunsa: "Mayi, mukameza madziwo, ululu umatenga nthawi yaitali bwanji kuti uthe? Kodi unayamba wakudzutsani usiku? Nanga mukaluma chinthu?" Mayiyo akuti umatha asanawerenge kufika pa 5, sunamudzutsepo, ndipo amatafuna bwinobwino. Mayankho amenewa akuloza kale ku dentini.

M'kamwa, dokotala akupeza kuti nkhama za dzino losongoka ndi mano awiri otsatira kumbuyo kwake zatsika ndi mamilimita awiri, ndipo pakhosi pa manowo pali kamphako kosalala kachikasu. Malo amenewa ndi amene amakonda kuvutika, chifukwa manowa ali pokhota pa nsagwada, pamene mswachi umagunda kwambiri, ndipo munthu wogwiritsa dzanja lamanja kawirikawiri amakhula kwambiri kumanzere. Dokotala akuphimba mano oyandikana, n'kupopera mpweya kwa sekondi imodzi pakhosi pa dzinolo. Mayi akudzidzimuka, ululu n'kutha pomwepo. Akugogoda dzinolo, silikupweteka. Chithunzi cha ekisire sichikuonetsa kuwola pakati pa mano kapena mafinya kunsonga ya muzu. Dokotala sanena kuti vuto ndi dentini asanatsimikize kuti zinazi palibe.

Taonani mmene zizolowezi za mayiyu zimathandizirana. Mandimu amafewetsa pamwamba pa dzino n'kutsegula timachubu. Mswachi umabwera pofewapo n'kupalapo. Malovu akadakonza zinthu, chifukwa amachepetsa mphamvu ya asidi n'kubwezera kashiamu, koma amafuna nthawi, ndipo kupsontha kwa maola awiri kuja kumawalanda nthawiyo. Kumwa botolo lomwelo pa nthawi imodzi, pamodzi ndi chakudya, kumawononga pang'ono kusiyana ndi kulimwa tsiku lonse.

Choncho chithandizo chimayambira pamenepo. Asinthe mswachi, atenge wofewa, azitsuka mozungulira popanda kukanikiza. Akamwa chowawasa azichukucha m'kamwa ndi madzi, ndipo madokotala ambiri amalangiza kudikira mphindi 30 mpaka ola limodzi asanatsuke, kapena kutsuka asanamwe. Kenako pamabwera mankhwala otsukira mano opangidwira vutoli.

Mankhwalawa amagwira ntchito m'njira ziwiri, ndipo ndi bwino kudziwa imene mwagula. Ena ali ndi potaziyamu naitireti, kawirikawiri magawo 5 pa 100. Ameneyu satseka timachubu. Amaganiziridwa kuti amalowa m'kati n'kufooketsa mnyewa kuti usamadzuke msanga, ndipo amafuna masabata awiri mpaka anayi akugwiritsidwa ntchito kawiri patsiku. Anthu ambiri amasiya patatha masiku atatu n'kumati sagwira ntchito, pomwe nthawi yake inali isanakwane. Ena ali ndi zinthu zotseka kukamwa kwa timachubu, monga sitanasi fuloraidi, kapena ajinini wosakaniza ndi kashiamu kaboneti. Amenewa amatha kuyamba kuthandiza msanga, makamaka mukapaka pang'ono ndi chala pamalo olasawo. Mitundu yonseyi, mukamaliza kutsuka lavulani thovu koma musachukuche ndi madzi, kuti mankhwala atsale pamano. Dziwaninso kuti chitsekero chimene amapanga n'chopyapyala, asidi amatha kuchisungunulanso. Mayi wathu akapitiriza ndi mandimu ndi mswachi wolimba, mankhwalawo azitseka usiku iye n'kumatsegula m'mawa.

Pakatha mwezi osasintha, dokotala ali ndi zina. Atha kupaka vanishi wa fuloraidi, amene mphamvu yake imaposa ya mankhwala otsukira wamba kopitirira ka 10, kapena guluu wapadera womata timachubu. Kamphako kaja kakazama amakadzaza ndi chomatira cha mtundu wa dzino. Nkhama zimene zatsika sizikwera zokha, ndipo pena pamafunika opaleshoni yaing'ono yosamutsa mnofu kuti uphimbe muzu.

Pamene si dentini chabe

Kuzizira kumadzutsanso mano amene ali ndi vuto lalikulu, choncho musangothamangira mankhwala otsukira osamvetsera mmene ululuwo ukuchitira. Chizindikiro chachikulu ndi nthawi. Ululu wa dentini umayamba ndi chozizira n'kutha nacho. Ukapitirira kwa theka la mphindi kapena kuposa chozizira chitachoka, ukamabwera wokha, ukamakudzutsani usiku, kapena ukamakula ndi zotentha, ndiye kuti mtima wa dzino watupa, mwina kufika poti sungachire wokha. Pamenepo mankhwala otsukira sathandiza. Pamafunika kuchotsa mtimawo n'kumata ngalande ya muzu, kapena kuzula dzinolo.

Ululu wolasa poluma, makamaka pomasula mano mutaluma, umaloza ku mng'alu umene nthawi zambiri suoneka ndi maso. Dzino limodzi lokha likamalasa pomwe nkhama zake zili bwino, ganizirani za kuwola kobisika pakati pa mano kapena chomatira chakale chimene chayamba kusiya mpata. Ndipo dzino limene linkapweteka kwambiri likangokhala chete, osamvanso kuzizira n'komwe, si nthawi zonse pamene lachira: mwina mnyewa wafa, ndipo mafinya akhoza kutsatira. Kutupa kwa nkhama kapena tsaya, pamodzi ndi kutentha thupi, kumafuna dokotala tsiku lomwelo.

Palinso kulasa kwakanthawi kumene chifukwa chake chimadziwika. Mano akapalidwa kuchipatala kuchotsa litsiro louma lokanirira, mizu imene inali yokwiririka imakhala poyera, ndipo imatha kulasa kwa masiku kapena masabata angapo mpaka malovu atatseka timachubu. Mankhwala oyeretsa mano okhala ndi perokisaidi amadutsa mu enamelo ndi dentini n'kunyanyula mtima wa dzino, ndipo ululu wake nthawi zambiri umatha patapita masiku ochepa munthu atasiya. Dzino lomatidwa kumene nalo limatha kumva kuzizira kwa masabata angapo, koma liyenera kumanka likuchepa, osati kuwonjezeka.

Dzino nalo limadziteteza pang'onopang'ono. Maselo a odontobulasiti amapitiriza kumanga dentini watsopano chakum'kati moyo wonse, ndipo timachubu timanka tikuchepa ndi kutsekeka ndi mchere. N'chifukwa chake vutoli limafala kwambiri pakati pa zaka 20 ndi 50, pomwe okalamba ambiri, ngakhale mizu ya mano awo ikuonekeratu, amamwa zozizira osamva kanthu. Kwa iwo choopsa chimakhala china: muzu wapamtunda umawola msanga kuposa enamelo, ndipo popeza ululu wochenjeza wachepa, bowo limatha kukula pakhosi pa dzino mwiniwake asakudziwa, mpaka dokotala atalipeza poyeza.